Kubwereketsa mipando, matenti ndi zokuzira mawu: mtengo, chikole ndi malamulo a zowonongeka

Ambiri amene amayamba bizinesi imeneyi kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amawerengera ndalama yolowa Loweruka lililonse, koma saona imene ikutuluka mwakachetechete. Mpando wina wathyoka mwendo ku chinkhoswe, iwiri yatsala ku maliro, tenti yapindidwa yonyowa, sipika yayamba kulira mosasa. Pakatha zaka ziwiri katundu wachepa, wotsalayo wakalamba, ndipo ndalama yogulira wina palibe. Ntchito sinali kusowa ayi. Chimene chinasowa ndi mtengo wowerengedwa bwino, chikole, ndi lamulo lomveka la amene alipire chinthu chikawonongeka. Malangizowa ndi a zimenezo. Mitengo imene ndalemba ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke. Inu mukaike mitengo imene mwaipeza m'mashopu a ku Limbe sabata imene mukuwerengerayo.

Gawo loyamba: katundu aliyense akhale ndi chizindikiro

Musanabwereketse chilichonse, chidindeni. Mipando ya pulasitiki imafanana dziko lonse, ndipo paukwati waukulu yanu imasakanikirana ndi ya kutchalitchi, ya kusukulu ndi ya wobwereketsa mnzanu. Pobweza, anyamata amangotola yokwana nambala. Mumalandira 200 ndithu, koma 30 mwa imeneyo ndi yakale ya eni ake, yanu yatsopano yapita kwina.

Penti yokha sikwanira chifukwa imasupuka, ndipo wakuba amaipala ndi mpeni. Tenthetsani kachitsulo, mudinde zilembo za dzina lanu kunsi kwa pokhalira, pamalo pochindikala, osati pamwendo kapena pamene mwendo ukulumikizana ndi pokhalira. Pambali pa zilembozo dindani chaka chimene mwagula mpandowo. Chakachi chidzakuthandizani pa nkhani ya malipiro, monga tionere kutsogoloku. Kenako pakani kachizindikiro ka penti kumsana kwa mpando, koti kazioneka munthu ali patali.

Zitsulo za tenti muzipake mtundu umodzi pa tenti iliyonse: zofiira zonse ndi za tenti imodzi, zobiriwira za ina. Lembani m'buku kuti tenti iliyonse ili ndi zitsulo zingati, zingwe zingati ndi zikhomo zingati. Zikhomo ndi zimene zimasowa msanga, chifukwa zimatsalira m'dothi anthu akamazula kutada. Za zokuzira mawu lembani nambala zimene zili kumbuyo kwa ampulifaya yopatsa masipika mphamvu, mikisa yosakanizira mawu ndi jenereta, kuti zitabedwa mukhale ndi chokaonetsa kupolisi.

Gawo lachiwiri: dziwani chimene ulendo umodzi umakudyerani

Mtengo wobwereketsera usatengedwe pa zimene mnzanu wa pa Chitakale kapena pa Luchenza akutchaja. Mwina iyeyo akuluza osadziwa. Werengerani nokha motere.

Tiyerekeze kuti mpando mwagula pa K20,000, ndipo muli nayo 200. Tiyerekezenso kuti imatuluka maulendo 40 pachaka, ndipo mukufuna kuti pakatha zaka 3 mukhale ndi ndalama yogulira ina. Amenewo ndi maulendo 120. Gawani K20,000 ndi 120, mupeza pafupifupi K167. Ndalama imeneyi si yanu, ndi ya mpando. Ulendo uliwonse mpando ukatuluka, K167 ipite pambali.

Onjezani za anyamata okweza, kutsitsa ndi kutsuka. Ngati mumawalipira K10,000 onse pamodzi pa ulendo umodzi, ndiye kuti K50 pa mpando. Onjezani lendi ya posungira: K20,000 pamwezi ndi K240,000 pachaka, kugawa ndi maulendo 40 ndi K6,000, kugawanso ndi mipando 200 ndi K30. Zonse pamodzi, mpando umodzi umakudyerani K247 ukatuluka. Mukamabwereketsa pa K400, phindu lanu ndi K153. Mukamabwereketsa pa K250 pofuna kulanda makasitomala a mnzanu, mukungotopa chabe.

Masamu omwewa chitani ndi tenti ndi zokuzira mawu. Tenti ya K900,000 pa maulendo 120 ikufuna K7,500 ulendo uliwonse, musanaphatikize omanga, zingwe zatsopano ndi zigamba. Pa zokuzira mawu musaiwale zing'onozing'ono zimene zimatha mofulumira: mabatire a maikolofoni, mapulagi, mawaya, oyilo wa jenereta ndi malipiro a woimba, mnyamata woyendetsa zokuzira mawuzo. Pa ndalama zapachaka ikanipo laisensi ya bizinesi ya kukhonsolo, komanso ya COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, popeza mukuimba nyimbo za anthu pagulu.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza masamuwa. Ndalama yoika pambali imagwa mphamvu. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo katundu wochokera kunja anakwera nthawi yomweyo. Ndiye musadikire zaka zitatuzo ndalama ili m'thumba. Ikakwana mipando khumi, kaguleni mipando khumi. Ndipo miyezi ingapo iliyonse bwerezani masamu aja ndi mtengo watsopano wogulira, osati umene munagulira kale.

Gawo lachitatu: ndalama zitatu zosiyana

Mikangano yambiri imayamba chifukwa mawu akuti dipoziti amagwiritsidwa ntchito pa zinthu ziwiri. Kasitomala amaganiza kuti imene anapereka posungitsa tsiku ndi yomwenso ikuimira zowonongeka. Zilekanitseni, ndipo pa lisiti zikhale pa mizere itatu.

Yoyamba ndi yosungitsira tsiku. Ndi theka la mtengo wobwerekera, ndipo tsiku silinasungidwe mpaka ndalamayi italowa. Lonjezo la pafoni silisungitsa kanthu. Kuyambira Ogasiti mpaka Disembala maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka, ndipo Loweruka la kumapeto kwa mwezi limafunidwa ndi anthu angapo. Mukakaniza awiri chifukwa cha lonjezo la mmodzi, iye n'kusintha maganizo Lachinayi, tsikulo lapita. Lamulo langa ndi lakuti woimitsa mwambo kutatsala milungu iwiri kapena kuposa amabwezeredwa yonse, kutatsala sabata imodzi amabwezeredwa theka, kutatsala masiku atatu sabwezeredwa. Koma ngati mwambo waima chifukwa cha maliro m'banjamo, musadye ndalama ya anthu olira. Isungeni, idzagwire ntchito pa tsiku lina limene adzasankhe.

Yachiwiri ndi yotsala ya mtengo, pamodzi ndi ya mayendedwe. Imeneyi ilowe katundu asanakwere lole. Komiti iliyonse ya ukwati idzakuuzani kuti, "Achimwene, musadandaule, tikupatsani ikatha perekaniperekani." Akunena ndi mtima wabwino, koma ikatha perekaniperekani pamakhala mzere wa ophika, okongoletsa, ojambula ndi a galimoto, ndipo ndalama sikwanira onse. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Yachitatu ndi chikole. Iyi si ndalama yanu, mukungoisunga, ndipo imabwerera kwa mwini wake katundu akabwera bwino. Kukula kwake kuchokere m'buku lanu: onani zimene zimawonongeka pa mwambo wamba, muike ndalama yokwanira zimenezo. Ngati mukuyamba kumene, ikani mtengo wa mipando 5 yatsopano pa mipando 200 iliyonse. Chikole chikakula kwambiri anthu amathawa, chikachepa sasamala. Ndipo musachigwiritse ntchito. Wobwereketsa amene wagulira petulo ndi chikole, Lolemba n'kuyamba kuzemba foni, amadziwika msanga pamsika. Ngati chalowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, chisiyeni pomwepo, ndipo mugwirizane kale kuti ndalama yotapira alipira ndani.

Gawo lachinayi: pitani mukaone malo

Ambiri amalumpha gawo ili, pomwe K3,000 ya kabaza ikanawapulumutsa ku zambiri. Dziko lathu kuno ndi la zitunda, ndipo mabwalo ambiri a m'midzi ya ku Thyolo ndi otsetsereka. Mpando wa pulasitiki ukaikidwa potsetsereka, kulemera konse kwa munthu kumapita pa miyendo iwiri, imene imatambasuka mpaka kuthyoka. Pa dothi lofewa ndi mvula mwendo umodzi umamira, mpando n'kupotoka. Mukaona malo otero, uzani eni mwambo asalaze ndi makasu kusanafike tsikulo, kapena musankhe mbali ina ya bwalo.

Yang'ananinso kumwamba. Zitsulo za tenti ndi zazitali, ndipo kuzidzutsa pansi pa mawaya a ESCOM n'kuika moyo wa anyamata anu pachiswe. Palibe mtengo umene ungalipire zimenezo. Funsani pamene adzaphikire, ndipo tenti ikhale kutali ndi mafuwa, mbali imene mphepo sikankhira utsi ndi moto. Onani pamene madzi amadutsa mvula ikagwa. Onani ngati lole ingafike. Njira zambiri zopatuka pa tala, makamaka zodutsa m'mphepete mwa minda ya tiyi, zimaterera kwambiri nyengo ya dzinja, ndipo ngati mipando idzafunika kusenzedwa pamutu mtunda womaliza, zidziwike lero kuti osenza alipidwa ndi ndani.

Pomaliza funsani kumene magetsi adzachokere ndi kutalika kwake.

Gawo lachisanu: kuwerengerana, ndi munthu mmodzi wosaina

Katundu samaperekedwa kwa komiti, amaperekedwa kwa munthu. Akhale wapampando wa komiti, nkhoswe kapena mwini khomo, koma akhale mmodzi, wamkulu, wodziwika kumene amakhala. Lembani dzina lake ndi nambala ya chiphaso chake cha unzika. Pofika ndi katundu werengani naye limodzi. Mipando isanjidwe khumikhumi kuti kuwerenga kusavute: milu 20 ndi mipando 200. Muuzeni aiyang'ane yekha, ndipo ngati pali wong'aluka kale, muulembe papepala nonse mukuona. Yatsani zokuzira mawu iye alipo, amve kuti sipika iliyonse ikulira. Jambulani ndi foni. Asaine, inunso musaine, aliyense atenge pepala lake.

Papepala lomwelo pakhale nthawi yobwezera ndi malamulo a zowonongeka, m'Chichewa chomveka, ndipo muwawerenge mokweza. Munthu amene wamva lamulo Lachisanu savuta Lamlungu ngati amene akulimva koyamba mpando utathyoka kale.

Usiku katundu ali m'manja mwa wobwereka. Ngati tenti yamangidwa Lachisanu madzulo, pagone munthu, ndipo mipando ilowe m'nyumba kapena imangidwe pamodzi. Zokuzira mawu zisagone kumeneko.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: malamulo a zowonongeka

Mpando wosowa umalipiridwa mtengo wa watsopano wa lero, ngakhale unali wakale. Mukachepetsa, mwatsegula sitolo yotchipa: munthu adzaona kuti kusabweza n'kwabwino kuposa kukagula ku Limbe. Koma perekani masiku atatu ofufuzira, chifukwa mipando yambiri yosowa sinabedwe. Ili pakhonde la oyandikana nawo, kumene agogo anapita nayo kukapumira.

Mpando wothyoka umalipiridwa molingana ndi zaka zake, ndipo apa ndi pamene chaka chodindidwa chija chimathandiza. Wosakwana chaka umalipiridwa mtengo wonse, wopitirira chaka theka. Wokalamba ndi dzuwa sulipiridwa konse. Pulasitiki ikapsa ndi dzuwa imatuwa, ikakhudzidwa imasiya ufa m'manja, ndipo mukakanikiza chotsamira mumamva kulira kwa kung'aluka. Mpando wotero unathyoka chifukwa inu munautulutsa, osati chifukwa mlendo anaukhalira. Kulipiritsa munthu pa umenewo si chilungamo, ndiponso ukanatha kuvulaza mayi woyembekezera kapena nkhalamba. Uchotseni pagulu. Yowotcherera kapena yosokedwa ndi waya ikhale ya pakhomo panu, isapitenso ku mwambo.

Tenti imamangidwa ndi kugwetsedwa ndi anyamata anu okha. Lamulo ili ndi limene limagawa milandu. Ikagwa ndi mphepo kapena denga likang'ambika chifukwa madzi a mvula anadikha pamwamba, mlandu ndi wanu, chifukwa ndinu amene simunakoke bwino nsalu kapena simunakhome zikhomo mokwanira. Koma bowo la moto, mabowo a mapini ndi mawaya a okongoletsa, zingwe zodulidwa ndi mpeni, ndi tenti yosunthidwa inu mutachoka, zonsezo ndi za wobwereka. Okongoletsa muwauze maso ndi maso kuti nsalu zawo azimangirira ku zitsulo, asabowole tenti. Kabowo ka pini sikaoneka tsiku la dzuwa, kamadzaonekera paukwati wa munthu wina mvula ikudonthera pa mkwatibwi.

Zokuzira mawu zisatuluke popanda woimba wanu. Apa sindigonja kwa aliyense, ngakhale atanena kuti mphwake amazidziwa. Sipika ikapsa simungathe kutsimikiza kuti wapsereza ndani, choncho njira yabwino ndi yakuti asagwire wina aliyense. Zikapsa zili m'manja mwa woimba wanu, mlandu ndi wanu. Wobwereka amalipira maikolofoni yogwetsedwa kapena yosowa, chakumwa chotayikira pa mikisa, sipika yogwetsedwa ndi ovina, ndi maola opitirira pa nthawi imene munagwirizana.

Zimene woimba wanu ayenera kudziwa

Popeza mlandu wa zokuzira mawu uli kwa inu, m'phunzitseni bwino mnyamata ameneyu. Poyatsa, ayambe ndi mikisa, ampulifaya ikhale yomaliza, voliyumu ili pansi. Pozimitsa, ampulifaya ikhale yoyamba. Akasemphanitsa, kuphulika kumene kumamveka m'masipika kuja kumawawononga pang'onopang'ono.

Ayang'anitsitse kagetsi kofiira ka pa ampulifaya kolembedwa CLIP kapena PEAK. Kakamaphethira mwa apo ndi apo palibe vuto, koma kakayaka osazima ndiye kuti ampulifaya yafika pothera, mawu ayamba kusweka, ndipo twita, kasipika kakang'ono ka mawu opyapyala, ndi kamene kamayamba kupsa. Nthawi ya perekaniperekani woyendetsa mwambo amakuwa kuti akweze, anthu nawo amakuwa. Woimba wabwino amamwetulira n'kusiya pomwe pali. Kulira koboola m'khutu kumene kumabwera maikolofoni ikayang'anizana ndi sipika nakonso kumapsereza twita, choncho masipika akhale kutsogolo kwa olankhula, atafulatira maikolofoni.

Asamangolumikiza masipika ambiri ku mbali imodzi ya ampulifaya. Ma omu ndi muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi. Masipika awiri a ma omu 8 akalumikizidwa pamodzi amakhala ma omu 4, anayi amakhala ma omu 2. Ma ampulifaya ambiri amapirira 4, koma pa 2 amatentha, kuzima okha kapena kupsa. Chiwerengero chimene yanu imalola chalembedwa kumbuyo kwake.

Magetsi athu ndi a mavoti 230, koma akayenda pa waya wowonda wochokera kunyumba yakutali amafika atafooka, ndipo ampulifaya imavutika. Khalani ndi waya wanu wochindikala, wa masikweya milimita 2.5, ndipo ngati ndi wokulunga pa gudumu, autambasule wonse kuti usatenthe. Jenereta ailize kaye popanda cholumikizidwa, ikhazikike, kenako alumikize. Asailole kuthera petulo zida zili zoyaka, chifukwa ikamatsamwa magetsi amakwera ndi kutsika. Azimitse zida, azimitse jenereta, izizire pang'ono, ndiye athire petulo. Ikhale panja, kutali ndi tenti, chifukwa utsi wake umapha m'malo otsekeka. Oyilo asinthidwe potsata maola amene buku lake lanena, ndiye maolawo azilembedwa. Petulo ndi wa wobwereka, ndipo agulidwe dzulo lake.

Mukakayikira sipika ikabwera, inunkhizeni. Yopsa imamveka fungo la waya wopserera. Kankhirani pepala lake m'kati pang'onopang'ono ndi zala zonse mofanana, ndipo ngati likukhula penapake, koyilo yawonongeka.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kulandira ndi kubweza chikole

Tiyeni titsate ukwati umodzi woyerekeza, kumudzi wina kufupi ndi Luchenza. Komiti yabwereka mipando 200 pa K400, imene ndi K80,000, matenti awiri pa K40,000 iliyonse, K80,000, ndi zokuzira mawu pamodzi ndi woimba pa K100,000 mpaka 6 koloko madzulo. Zonse ndi K260,000. Lole kupita ndi kubwera ndi K60,000. Posungitsa tsiku apereka K130,000. Lachisanu m'mawa apereka K130,000 yotsala, K60,000 ya lole ndi chikole cha K100,000. Powerengerana papezeka mpando umodzi wong'aluka pang'ono mwendo wakumbuyo, ndipo walembedwa papepala.

Lamlungu m'mawa mwafika kudzatenga. Musalole kuti anyamata ayambe kukweza wosaina uja asanabwere. Mwasanja khumikhumi, mukuyang'ana chidindo cha mpando uliwonse. Yabwino ndi 196, yothyoka 2, yosowa 2. Pa tenti imodzi pali bowo la moto lokwana chikhatho, mbali imene amayi anasendezako mbaula kutayamba kuzizira. Woimba analemba kuti anatseka 7 koloko, wapampando atamupempha ola lina.

Mwa yothyokayo, umodzi ndi wong'aluka kale uja, ndiye sulipiridwa, ndipo kunena zoona sunayenera kutsala kumeneko, unayenera kubwerera ndi lole Lachisanu lomwelo. Winawo chidindo chikuonetsa kuti uli ndi zaka ziwiri, ndiye theka, K10,000. Yosowa iwiri ndi K40,000. Chigamba cha tenti, nsalu ndi guluu ndi mmisiri, K8,000. Ola lowonjezera K10,000. Zonse ndi K68,000. Mukuwabwezera K32,000 pomwepo, m'manja, ndi pepala losonyeza mzere uliwonse.

Apampando adzadandaula ndithu. "Bambo, K40,000 pa mipando iwiri yokha?" Musakweze mawu. Tulutsani pepala lija, muwaonetse pamene anasaina, ndipo muwauze kuti, "Apampando, ndalamayi sindikuidya lero. Muli ndi mpaka Lachitatu. Mpando uliwonse umene ubwere, K20,000 yanu ibwerera." Mudzadabwa mmene mudzi umafufuzira mpando ukakhala ndi mtengo wake. Tinene kuti Lachiwiri umodzi wapezeka kwa oyandikana nawo, wabwera pa njinga. Mukubweza K20,000 tsiku lomwelo. Pamapeto mwatsala ndi K48,000, iwo alandira K52,000. Pa K48,000 imeneyo, ya ola lowonjezera yokha ndi imene mungagawane ndi woimba. Yotsalayo ipite kukagula mpando ndi kukamata tenti sabata yomweyo, isalowe m'thumba la ndiwo.

Zowonongeka zikaposa chikole, lembani ngongoleyo ndi tsiku lobwezera, pakhale mboni. Zikavuta yambirani kwa ankhoswe kapena kwa amfumu musanaganize za bwalo lamilandu, chifukwa anthu omwewa ndi amene adzakuitaneni chaka chamawa.

Maliro ndi misonkhano

Maliro sadikira malamulo onsewa. Foni imalira usiku, anamfedwa alibe ndalama m'manja, ndipo simungayambe kutchula chikole pakhomo pamene pali kulira. Komabe musatumize katundu popanda woyankhira. Lankhulani ndi amfumu, mkulu wa mpingo kapena wachibale amene wasankhidwa kusunga ndalama za chipepeso, ndipo iyeyo asaine. Gwirizanani mtengo wa pa tsiku, osati wa maliro onse, chifukwa thupi likamadikira achibale ochokera ku Joni masiku amachuluka. Ambiri timatsitsa mtengo pamaliro a m'mudzi mwathu, ndipo n'zoyenera, koma utsitseni mukudziwa K247 ija, kuti mudziwe kukula kwa thandizo limene mukupereka. Usiku wa pasiwa anthu amawotha moto, ndiye onetsetsani pamene nkhuni zaikidwa musanachoke. Tumizani mipando yapakatikati, osati yatsopano imene mwasungira ukwati wa Loweruka.

Misonkhano ya ndale ndi ya gulu lalikulu la pabwalo ndi nkhani ina. Ndalama yonse ndi chikole chowirikiza zilowe kaye, chifukwa anthu amaimirira pamipando kuti aone kutsogolo, ndipo msonkhano ukatha okonza ake sapezeka.

Katundu akafika kunyumba

Chimene chimapha matenti kuno ndi chinyezi. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi mvula, ndipo miyezi ya Juni ndi Julayi, anzathu a kwina akuyanika zinthu padzuwa, ife tili m'chiperoni, mvula yowaza ndi nkhungu ya masiku angapo. Tenti ikapindidwa yonyowa n'kusiyidwa m'chipinda, pakangopita masiku ochepa imachita chuku, madontho akuda amene sachoka, ndipo ulusi wa m'misoko umawola. Tenti yoyera yamadontho palibe mkwatibwi angailole. Ngati mwagwetsa kukugwa mvula, itambasuleni tsiku lomwelo pansi pa denga, pa zingwe kapena pa milu ya mipando, mphepo izidutsa pansi ndi pamwamba, mpaka misoko iume. Tsukani ndi madzi, sopo wamba ndi nsalu yofewa, osati burashi ya waya. Poisunga ikhale pa mathabwa, isagunde simenti, ndipo muziyang'ana makoswe. Zitsulo zipukutidwe, ndipo pamene payamba dzimbiri papalidwe n'kupakidwa penti, chifukwa dzimbiri limadetsa nsalu.

Mipando itsukidwe tsiku lomwe yabwera. Katondo wa kuno akauma pa pulasitiki yoyera amakanirira, makamaka pa mpando umene wayamba kukhakhala. Potsukapo ndi pamene mumagwira mwendo uliwonse n'kuona ming'alu. Isungidwe m'nyumba kapena pamthunzi, milu isapitirire msinkhu wa munthu kuti yapansi isatambasuke miyendo. Pa lole chingwe chidutse pa nsanza kapena pa katoni, ndipo chisakokedwe mpaka mpando kupindika, popeza mipando yambiri imang'alukira panjira, osati pamwambo.

Masipika ndi ampulifaya zikhale m'chipinda chouma, pamwamba pa thabwa, zitafunditsidwa. Nyengo imene ntchito yachepa, muziziyatsa kwa kanthawi kamodzi pa sabata kuti chinyezi chisakhazikike m'kati, ndipo mabatire muwachotse m'maikolofoni asanayambe kutuluka madzi.